Foni ikalira kuchokera ku Tete

Mbatatesi za ku Angónia zimakwera lole kozizira, ku Ulongué, n'kukatsikira mumzinda wa Tete, kumene dzuwa limaswa mtengo. Pakapita masiku awiri foni ya wogulitsa imayamba kulira. Wokazinga tchipisi akuti zawola, mayi wapamsika akuti thumba silinadzaze. Wogulitsa amathamangira amene wakalipa kwambiri, ndipo ine ndimaona kuti ndalama zake zimatayikira pamenepo.

Pali njira yosankhira poyambira, yotchedwa ndi dzina la Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy amene m'ma 1890 anaona kuti chuma chambiri chili m'manja mwa anthu ochepa. Joseph Juran ndiye anaitengera kumafakitale, ataona kuti zolakwika zochuluka zimachokera pa zifukwa zowerengeka.

Imafuna kope ndi cholembera basi. Tiyerekeze kuti wogulitsa walemba madandaulo 50 m'nyengo imodzi yokolola, lililonse pamzere wake. Akawaika m'magulu, kuyambira lalikulu kutsika, apeza kuti 22 ndi a kuwola, 16 ndi a timbatatesi tobisidwa pansi pa thumba, 5 a thumba losadzaza, 4 a lole yochedwa, 3 a mbatatesi zobiriwira. Awiri oyambawo akaphatikizidwa akukwana 38, kutanthauza madandaulo 76 pa 100 alionse. Ntchito iyambire pamenepo, enawo ayambe adikira.

Koma "zawola" ndi zimene wogula waona, si gwero la vuto. Madandaulo 22 aja ayenera kupetedwanso. Mbatatesi yotemedwa ndi khasu imawolera pabala. Yokumbidwa masamba asanaume, khungu lake limasupuka ukangoipaka ndi chala, ndipo siipirira ulendo. Yopakiridwa yonyowa imatuluka madzi onunkha ikangofika kotentha, n'kupatsira zinzake. Wogulitsa akafunsa wogula mmene zawolera, n'kuona m'kope munda ndi tsiku limene thumbalo linachokera, amadziwa mlimi woti akambirane naye.

Kuwerenga kokha kungathenso kunamiza. Dandaulo la timbatatesi limatha ndi kuchotserako mametikali pang'ono, pomwe lole ikagona panjira katundu yense akhoza kuwonongeka. Choncho pambali pa dandaulo lililonse palembedwe ndalama imene yatayika, magulu asanjidwenso potsata ndalamazo. Anayi a lole aja akhoza kukwera pamwamba penipeni. Palinso wogula amene sadandaula, amangosamukira kwa wina mwakachetechete, ndipo kope silimudziwa pokhapokha wogulitsa amuimbire yekha.

Nyengo yotsatira awerengenso, poyerekeza ndi chiwerengero cha matumba amene atumiza, chifukwa katundu akachepa madandaulo amachepanso okha. Ngati pa matumba 100 alionse kuwola sikunatsike, ndiye kuti chimene anakonza sichinali gwero lake, abwerere kumunda.