Malonda a Tsiku Limodzi: N'chifukwa Chiyani Ambiri Amaluza?

Pakati pa 2013 ndi 2015, anthu oposa 19,000 ku Brazil anayamba malonda ogula ndi kugulitsa tsiku lomwelo pamsika wa masheya wa dziko lawo. Akatswiri atatu a zachuma, Fernando Chague, Rodrigo De-Losso ndi Bruno Giovannetti, anafufuza mmene anthuwa anathera. Ambiri anasiya msanga. Mwa anthu pafupifupi 1,500 amene analimbikira kupitirira masiku 300, anthu 97 mwa 100 alionse analuza ndalama, ndipo mmodzi yekha mwa 100 ndiye ankapeza zoposa malipiro otsikitsitsa a wantchito m'dzikolo. Chodetsa nkhawa n'chakuti kukhalitsa pamalondawa sikunawathandize kuchita bwino.

Nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa achinyamata athu ambiri ayamba foreksi pafoni. Malonda ake ndi osiyana, koma chimene chimadya mpamba ndi chimodzimodzi.

Choyamba ndi ndalama imene munthu amalipira nthawi iliyonse akagula n'kugulitsa. Buloka, kampani imene imakulumikizani ndi msika, imaonetsa mitengo iwiri: wogulira, umene umakhala wokwererapo, ndi wogulitsira, umene umakhala wotsikirapo. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndi ndalama imene mumataya pongolowa, ndipo ena amaonjezerapo komishoni. Choncho malonda alionse amayamba muli kale m'ngongole.

Tiyerekeze kuti mnyamata ali ndi mpamba wa madola 1,000, ndipo nthawi iliyonse amagula mayuro 10,000, buloka atamulola kugwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene ali nazo. Tinene kuti kulowa ndi kutuluka kamodzi kumamudyera madola 2. N'zochepa, ndipo sazimva. Koma akachita zimenezi kakhumi patsiku, ndi madola 20. Pamasiku 20 a malonda pamwezi, ndi madola 400. Ndiye kuti ayenera kupindula 40 peresenti ya mpamba wake mwezi uliwonse kuti angobwerera pamene anayambira. Akanalowa kawiri kokha pasabata, akanalipira madola 16 basi. Bulokayo amalandira zake kaya mnyamatayo wawina kapena waluza.

Apa m'pamene vuto lachiwiri limalowera: kuchita malonda mopitiriza muyeso. Pamphindi zochepa, mtengo umangokwera ndi kutsika popanda chifukwa chimene munthu wamba angachidziwiretu, ndipo amene akupikisana naye ndi mabanki ndi makampani okhala ndi makompyuta othamanga kwambiri. Akawina kangapo, amakhulupirira kuti wadziwa msika, n'kuyamba kulowa pafupipafupi. Akaluza, mtima umamupweteka, n'kuika ndalama zochuluka kuti abweze tsiku lomwelo. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Brad Barber ndi Terrance Odean anaunika mabanja oposa 66,000 a ku America pakati pa 1991 ndi 1996, ndipo anapeza kuti amene ankagula ndi kugulitsa kwambiri ankapindula 11.4 peresenti pachaka, pomwe msika wonse unkapereka 17.9 peresenti. Mbali yaikulu ya kusiyanaku inathera kulipira mabuloka.

Kubweza zotayika n'kovuta kuposa mmene ambiri amaganizira. Mpamba wa madola 1,000 ukatsika ndi theka, pamatsala 500. Kuti ubwerere pa 1,000, sipafunika 50 peresenti ayi, koma 100 peresenti.

Chachitatu ndi chiyembekezo chosatheka. Mwina munamvapo wina akulonjeza phindu la 5 peresenti tsiku lililonse. Tiwerengere limodzi: madola 100 okula chonchi kwa masiku 250 a malonda angafike pafupifupi madola 20 miliyoni chaka chimodzi. Munthu wodziwa kuchita zimenezi sangavutike kukugulitsani maphunziro. Kampani ya Warren Buffett, mmodzi mwa odziwa kuika ndalama m'masheya kuposa onse, yakhala ikupindula pafupifupi 20 peresenti pachaka, osati pamwezi. Munthu akafuna kuti mpamba wochepa uzimulipirira lendi ndi chakudya, amakakamizika kuika zochuluka pamalonda amodzi, ndipo tsiku limodzi loipa limasesa zonse.

Mu 2018, bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya la ESMA linanena kuti maakaunti 74 mpaka 89 mwa 100 alionse a anthu wamba ankaluza pamalonda obetchera kukwera kapena kutsika kwa mitengo, ndipo linalamula mabuloka kuti azilemba poyera kuchuluka kwa makasitomala awo oluza.

Ngati muli kale m'malondawa, tsegulani mbiri ya akaunti yanu ya miyezi itatu yapitayi. Phatikizani ndalama zonse zimene munaikamo, zimene munatapa, zimene zatsala, ndi zimene zinapita kwa buloka. Musadalire chithunzi cha tsiku limene munawina. Ndipo ndalama ya fizi, ya feteleza kapena yangongole isalowe m'malonda amenewa.