Chilembo chimodzi chimene chiswe chinadya

Mwezi watha anabwera kwa ine mayi wina wachikulire wochokera m'chigwa cha Domasi, ali ndi mdzukulu wake wamwamuna. M'jumbo ananyamula mapepala awiri. Loyamba linali tsamba lothothoka m'kope lakale la milandu ya pabwalo la mfumu, lolembedwa pamanja ndi inki yabuluu m'zaka za m'ma 1950. Lachiwiri linali lotaipidwa bwino, loyera, lopanda chofufuta ngakhale chimodzi. Anthu a mbali ina pamkangano wa dimba la m'mphepete mwa mtsinje ndiwo analitaipitsa, ndipo pamzere wachisanu ndi chinayi linkati malume wa anthuwo "anagula munda".

"Mwananga," anatero mayiwo, "amayi anga anamwalira akunena kuti dimba lija silinagulitsidwe. Tandiwerengere bwino pepalali."

Ntchito yanga ndi yokopera zolemba zakale zapamanja, makamaka za malo ndi za milandu. Pali bodza lina limene ndatopa nalo, ndipo pepala loyera lija linandikumbutsa. Anthu amakhulupirira kuti wokopera waluso ndi amene amabweza tsamba losalala, lopanda mpata, lopanda chizindikiro cha funso. Akaona langa lili ndi mabulaketi ndi timadontho, amaganiza kuti ndalephera kuwerenga, ena mpaka amafuna ndiwachotsere mtengo. Ine ndimati tsamba la zaka 70 likatuluka losalala chonchi, liopeni. Pepala lakale limakhala ndi mabala: chiswe, madzi a denga lodontha, mpindo umene wadya inki. Ngati mabalawo sakuoneka m'chokoperacho, ndiye kuti wina wawatseka ndi maganizo ake osakuuzani.

Taonani zimene ndinapeza pamzere uja. Mawu akuti "anagula" anali oyamba pamzerewo, kumanzere, mbali imene chiswe chinadya m'mphepete. Zilembo zisanu ndi ziwirizo zinkawerengeka bwinobwino, ndipo wotaipa uja sananame pa zimene anaona. Koma sanayang'ane zimene sizinkaoneka. Kalaliki amene analemba tsambali anali munthu wadongosolo: mizere yake yonse inkayambira pamzere wofiira wa m'mphepete. Nditaika rula, mzere wachisanu ndi chinayi wokha unayambira mamilimita anayi m'kati. Pa dzanja la munthu ameneyu, mamilimita anayi ndi malo a chilembo chimodzi. Nditazimitsa nyali ndi kuunika ndi tochi chammbali, kuti kuwala kukwawe papepala, ndinaona kakhonyo ka inki pamwamba penipeni pa malo odyedwawo. Kankafanana ndi mutu wa "s" wamtali amene kalalikiyu ankayambira mawu.

Tsono "anagula" ndi "sanagula" ndi minda iwiri yosiyana.

Mdzukulu uja, amene anafika Folomu 4, anatsutsa msanga. Anati akanakhala kuti kalaliki ankakana, akanalemba "sanagule", ndi "e" kumapeto. Funso lake linali lanzeru, ndipo apa ndi pamene ambiri a masiku ano amagwera. Ife tinazolowera "sanagule", "sanapite". Koma Chinyanja cholembedwa cha nthawi imeneyo chinkalola "sanagula", "sanapita", ndipo amene amawerenga Buku Lopatulika amakumana nawo kalembedwe kameneka kawirikawiri. Sindinadalire zimenezo zokha. Ndinafufuza patsamba lomwelo, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ndinapeza kalaliki yemweyo atalemba "sanabwera" ndi "sanalipira", onse ndi "a". Choncho chilembo chomaliza sichikanatithandiza. Kukana konse kunali pa "s" mmodzi, ndipo "s" ameneyo anali m'mimba mwa chiswe. Pakamwa, mboni ikamayankhula, khutu silikanasokonezeka. Papepala palibe mawu okwera kapena otsika. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi.

Panali umboni wina. Mzere wotsatira unkayamba ndi "koma", kenaka banga la madzi linameza mawu awiri kapena atatu. Munthu akati "sanagula munda, koma…" chiganizo chimayenda. Komabe munthu angathenso kunena kuti "anagula munda, koma sanamalize kulipira". Ndiye ndinalemba chonchi:

```
9   [s?]anagula munda
10  koma [... mawu 2 kapena 3, banga la madzi ...] caka ciri conse
```

Mabulaketi a ngodya amauza wowerenga kuti chili m'katimo ndaikamo ndine, sichikuoneka chonse papepala. Chizindikiro cha funso chimati ndili ndi chifukwa koma sindingalumbire. Timadontho timasonyeza pamene patayika mawu, ndipo ndimanena kukula kwa mpatawo, chifukwa mpata wa mawu awiri sungabise chiganizo chathunthu. Pansi pa tsamba ndinafotokoza za mamilimita anayi aja, za kakhonyo ka inki, ndi mawu awiri ofananira nawo, kuti wina aliyense akathe kubwereza zimene ndinachita ndi kunditsutsa ngati angathe.

Mwaona kuti ndinasiya "caka ciri conse" momwe analembera. Kale "c" yekha ankaimira chimene lero timalemba "ch", ndipo malamulo a kalembedwe a 1973 ndiwo anakhazikitsa "ch". Wotaipa uja anakonza zonsezi kuti zioneke zamakono. Zikuoneka ngati zazing'ono, koma kalembedwe ndi kamene kamatithandiza kudziwa zaka za chikalata. Wina akakubweretserani pepala loti ndi la 1952 koma lodzaza ndi kalembedwe ka masiku ano, muli ndi chifukwa chofunsira mafunso. Wokopera akakonza kalembedwe, wafufuta umboni umenewo.

Mayi aja sanakondwe nane. "Bwanji osangolemba kuti sanagula? Iwe mwini waona." Zinandipweteka, chifukwa mumtima mwanga ndimakhulupirira kuti amayi awo ankanena zoona. Ndinawayankha kuti, "Agogo, ndikachotsa kafunsoka, ndachita zomwezo zimene anachita anzathu aja, kungoti ndakondera inu. Tsiku limene wina adzaike pepala lenileni pambali pa langa n'kuona kuti 's' palibe, adzataya tsamba langa lonse, ndi zoona zomwe." Ndinawauzanso chinthu china chimene sanayembekezere: mzere umenewu sunali chigamulo. Unali pansi pa mutu wa mboni yachiwiri. Ngakhale "anagula" akanakhala wolondola, akanangotiuza zimene munthu mmodzi ananena pabwalo. Chigamulo chinali patsamba lina limene iwo analibe. Pepala lotaipidwa lija linasiya mutuwo, mawu a mboni n'kuoneka ngati mawu a mfumu.

Tisaiwale kuti tsamba lotere ladutsa kale m'manja ambiri. Kudera la Mfumu Malemia anthu ambiri pabwalo ankayankhula Chiyao, kalaliki n'kumalemba Chinyanja, nthawi zina Chingerezi, mothamanga. Makhoti a mafumu atavomerezedwa ndi lamulo la 1933, makope otere anachuluka, ndipo alembi ambiri anali ophunzira a kumishoni, monga ya Domasi imene Alexander Hetherwick anatsegula mu 1884. Dzanja lawo ndi lokongola, lopendekera, koma "n" ndi "u" amafanana, "a" ndi "o" amafanana, 1 ndi 7 amafanana. Ndipo Chinyanja chenichenicho chili ndi misampha yake. "Anabwereka munda" angakhale amene analandira, koma "anamubwereka munda" ndi amene anapereka. "Mu" ameneyo akafufutika, mwini munda wasanduka wobwereka. "Anagula" angakhale munthu mmodzi, angakhalenso mbumba yonse. Kumalo kumene munda umatsata mbumba, kusiyana kumeneko si kwamasewera. Ine sindisankhira wowerenga. Ndimalemba chimene chilipo, n'kuchenjeza pansi.

Boma la Zomba likudziwa kale kulemera kwa liwu limodzi. Kuyambira 1892 Harry Johnston ankapereka kwa azungu zikalata zotsimikiza malo amene ankati anagula kwa mafumu. Zambiri mwa izo zinali ndi ndime yoteteza midzi ndi minda imene inalipo pa nthawiyo kuti isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Nkhani yonse inagona pa liwu lakuti "inalipo". Mudzi umene unasamuka pang'ono kutsata nthaka, kapena anthu amene anafika pambuyo pake, ankauzidwa kuti chitetezocho sichikuwakhudza, ndipo ambiri anagwa m'thangata. Mu 1903 woweruza Nunan anaunika ndime imeneyi pamlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, naona kuti eni nthaka oyambawo anali ndi ufulu umene kampani sinkayenera kuupondereza. Wokopera amene angadumphe liwu limenelo wasintha mbiri ya midzi yathunthu. Ndipo moto umene unapsereza maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unatenga zolemba zambiri zoyambirira, kotero kuti pa nkhani zina chimene chatsala ndi chokopera chabe. Cholakwa cha wokopera wa nthawi imeneyo lero palibe pochiyesera.

Lero, pamene lamulo la malo a makolo la 2016 likulola mabanja kulembetsa minda yawo, mapepala akale akutuluka m'masutikesi, ndipo ambiri akuthamangira nawo kwa wotaipa wa pamsika. Sindikunyoza otaipa, ntchito yawo ndi ina. Ngati muli nalo pepala lotere, musalimate ndi selotepi, musalikutire m'pulasitiki ya moto, ndipo musadutsitse bolopeni pa zilembo zofufutika pofuna kuziwalitsa, chifukwa mukatero mwaika dzanja lanu pamwamba pa umboni. Lijambuleni ndi foni masana pamthunzi, mbali zonse ziwiri, m'mphepete monse mukuoneka. Fotokope imadula m'mphepete ndipo imasandutsa inki zonse kukhala zakuda, mwakuti mawu owonjezedwa pambuyo pake ndi cholembera china sadziwikanso. Wokopera mumuuze asunge mizere momwe ilili, manambala ndi maekala awasiye osawasandutsa mahekitala, ndipo mawu okhwatchidwa awalembe n'kunena kuti ndi okhwatchidwa. Ngati n'kotheka, munthu wachiwiri awerenge payekha asanaone za woyamba. Izi sizikutsimikizirani kupambana mlandu, ndipo za mphamvu ya pepalalo pamaso pa khoti mukafunse odziwa malamulo, si ine.

Tsamba la mayi aja ndinalipereka kwa mnzanga wa ntchito, osamuuza nkhani yake kapena mbali imene inabwera nalo. Iye anawerenga "anagula", kenaka anaima, naika chala pampata uja n'kunena kuti pakusowa chilembo, koma sanafune kutchula kuti ndi chiti. Ndinalemba zimenezonso pansi pa tsamba. Mdzukulu uja ndinamulembera zaka zoyenera kufufuza ndi dzina la bwalo, kuti akafunse kunyumba yosungira zolemba zakale za dziko ku Zomba, imene inatsegulidwa mu 1947, ngati kope la bwalolo kapena lipoti lake linafikako. Anati apita akamaliza kukolola mpunga.