Kalaliki wolakwa asakhale chilombo

Banki ikafuna kanema wophunzitsira antchito ake kulandira makasitomala, olemba ambiri amathamangira kulenga kalaliki wamwano, wotafuna chingamu, wosadzutsa mutu pa foni. Oonera amaseka ndithu, koma palibe amene amadziona m'menemo. Kulakwa kwenikweni kwa pa kauntala kumakhala kwakung'ono, ndipo n'kumene wolemba ayenera kusaka.

Nkhani yodziwika ndi ya makina a ATM odula ndalama mu akaunti koma osazitulutsa. Tinene kuti mphunzitsi wabwera kumapeto kwa mwezi, K50,000 yapita, uthenga wa pa foni uli m'manja. M'gawo loyamba la sewero kalaliki amupatsa moni bwinobwino, kenako n'kunena kuti, "Ndi netiweki imeneyo bambo, zibwerera zokha," maso ali kale pa wotsatira pamzere. Sanatukwane munthu. Koma bamboyo akutuluka osadziwa tsiku, osadziwa woti adzamufunse, opanda kapepala kalikonse.

Apa wolemba amaika chizindikiro choti kanema aimitsidwe kuti ophunzira akambirane. Akatchula vutolo onse nthawi imodzi, ndiye kuti seweroli laphweka mopitirira. Akayamba kutsutsana, lagwira.

Gawo lachiwiri limabwereza zomwezo, munthu yemweyo, mkwiyo womwewo. Chosintha ndi kalaliki yekha. Amusiya kasitomala amalize kulankhula, apempha chitupa cha unzika, afunsa tsiku, nthawi ndi malo a makinawo, n'kumuthandiza kudzaza fomu ya dandaulo. Funso la malo lili ndi chifukwa: ngati makinawo anali a banki ina, ndalamazo zinadutsa ku National Switch, ndipo kuzilondola kumakhudza mabanki awiri. N'chifukwa chake wolemba sapeka yekha masiku obwezera ndalama. Amakawatenga ku ofesi yoona madandaulo, chifukwa lonjezo labodza la mu kanema mawa lidzamveka pa kauntala. Kalaliki wa m'seweroli asafunsenso nambala yachinsinsi ya khadi ngakhale kamodzi, ndipo maina ndi manambala a akaunti ooneka pa kompyuta akhale opeka.

Papepala, tsamba amaligawa pawiri: kumanzere zimene kamera ikuona, kumanja mawu olankhulidwa. Gawo lililonse mphindi ziwiri kapena zitatu zakwana.

Chovuta kwambiri ndi chilankhulo. Mabuku a malamulo a banki ali m'Chingerezi, pamene munthu amene ndalama zake zasowa amadandaula m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, mawu akuphatikizana. Wolemba wanzeru amapatsa makalaliki enieni kuti awerenge mokweza asanaitane ojambula, ndipo pamene lilime lawo lapunthwa amafufutapo. Bamboyo asamalizenso akumwetulira ngati wapata mphoto. Atuluke akadali wokhumudwa, koma atanyamula nambala ya dandaulo lake ndi dzina la woti amuimbire.