Maola atatu a m'foni, pepala limodzi la pakhoma

Amene mumakwera basi ya m'mawa kupita m'tauni mukudziwa nkhani iyi. Abwana atuma munthu mmodzi ku wekishopu, iye abwerako ndi kachikwama katsopano ndi mawu ojambula pa foni, nawaponya pa gulu la WhatsApp: "Mvetserani nonse." Ndani angamvetsere maola atatu, kondakita akukuwa m'khutu kuti sunthani?

Ine zinandigwera kwathu ku Chadiza, nditapita kukaona amayi nyengo ya mvula. Asisi anga ndi anesi pa kiliniki ina ya kumudzi. Anali atangobwera ku Chipata, ku maphunziro a kuyeza malungo ndi tizipangizo tija tobaya chala. Anzawo otsala, pamodzi ndi odzipereka a m'midzi, sanapiteko. Anandipatsa foni. "Iwe umalemba ku Lusaka, tilembere izi papepala limodzi. Aphunzitsi analola kuti ndijambule."

Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ndinayamba kulemba uku ndikumvetsera, ndipo pofika pa mphindi 47 ndinali nditalemba kale kuti: donthezani madontho anayi a madzi a m'kabotolo, dikirani mphindi 15. Ndinatsala pang'ono kuzimitsa foni poti zofunika ndazipeza. Mwamwayi nsima inachedwa, ndiye ndinangoisiya ikulankhula.

Patapita maola awiri ndi mphindi 10, mayi wina kumbuyo anafunsa ndi mawu otsika kwambiri, moti ndinabwereza katatu kuti ndimve. Anati mabokosi amene afika kwawo ndi a mtundu wina. Aphunzitsi anayankha kuti inde, mtundu umenewo ufuna madontho awiri ndi mphindi 20, ndipo aliyense aone kapepala ka m'bokosi lake. Ndinafunsa asisi kuti m'kabati mwawo muli mtundu uti. Unali wachiwiriwo.

Pepala langa likanapachikidwa, anthu akanawerenga zotsatira nthawi isanakwane. Kamzere kosonyeza malungo nthawi zina kamachedwa ndipo kamatuluka kofooka. Mwana wa malungo akanabwerera kunyumba pamsana pa amake atauzidwa kuti alibe. Apo ndinaphunzira lamulo loyamba: mvetserani zonse mpaka kumapeto musanalembe sitepe ngakhale imodzi. Ulendo woyamba muzingolemba nthawi ndi mutu, monga "0:47 madontho" ndi "2:10 madontho asintha". Mphunzitsi ndi munthu, amadzikonza yekha, ndipo kukonzako kumabisala m'mafunso a kumapeto, pamene ena ayamba kale kufunsa za ndalama ya mayendedwe.

Ulendo wachiwiri ndinagawa zonse m'milu itatu: zoti munthu achite ndi manja, zifukwa zake, ndi zina zonse. Mulu wachitatu ndiwo unali waukulu: pemphero, malonje, mawu a mlendo wolemekezeka, nthabwala, nkhani ya wodwala wina amene anatchulidwa dzina. Zonsezo ndinataya, makamaka dzinalo. Pa zifukwa ndinasunga zokhazo zimene zimaletsa munthu kudumpha sitepe. Mwachitsanzo, magazi akachuluka zenera la kachipangizo limafiira, kamzere kofooka n'kubisika. Chifukwa chimenecho ndi mzere umodzi, koma chimagwira dzanja la munthu wofulumira.

Vuto lina ndi lakuti foni ili ndi makutu koma ilibe maso. Aphunzitsi ankati, "Magazi muike apa, madzi apa, mugwire chonchi." M'holo onse anaona chala chawo. Ine ndinangomva "apa". Ndinapempha asisi kuti abweretse kachipangizo kamodzi ndi kapepala ka m'bokosi, ndipo "apa" aliyense tinamupatsa dzina: magazi m'kabowo kakang'ono, madzi m'bowo lalikulu. Pambali ndinajambula kachipangizoko ndi mivi iwiri. Ngati mulibe munthu amene analipo, musaganizire nokha, muimbireni mphunzitsi.

Masitepe ndinawaika mmene manja amayendera, osati mmene aphunzitsi analankhulira, poti iwo anayamba ndi kuwerenga zotsatira n'kubwerera ku magolovesi. Mzere uliwonse unayamba ndi chochita, ndipo unali ndi chochita chimodzi. Woyamba unati: onani tsiku lothera ntchito pa paketi. Kenaka valani magolovesi atsopano, lembani dzina la wodwala pa kachipangizo, pukutani chala ndi kathonje ka sipiriti, dikirani chiume, bayani, tayani kobayirako m'bokosi la zakuthwa nthawi yomweyo. Machenjezo ndinawaika patsogolo pa sitepe yake, chifukwa munthu amawerenga uku akuchita, ndipo chenjezo lobwera pambuyo limapeza magazi atadontha kale.

Pansi ndinaika kawerengedwe. Mzere pa C wokha, malungo palibe. Mizere pa C ndi pa T, malungo alipo, ngakhale wa pa T uoneke mofooka bwanji. Pa C popanda mzere, kachipangizoko sikanagwire ntchito, yambaninso ndi kena.

Ndinanyadira pepala langa mpaka pamene tinaliyesa. Tinaitana bambo wina wodzipereka amene sanapite ku Chipata, tinamupatsa pepala ndi zipangizo, asisi napereka chala chawo. Tinagwirizana kuti tonse tikhale chete, poti pepala limene lifuna mwini wake aime pambali n'kumafotokoza silinathe. Bamboyo anayenda bwino mpaka pa "dikirani mphindi 20". Anakweza maso. "Nanga ndiyambire pati kuwerenga, a sisita? Pobaya paja?" Asisi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Ndinawonjezera mzere: mukangodontheza madzi, onani nthawi, muilembe pa kachipangizo. Anaimanso pa mawu a Chingerezi amene ndinasiya poganiza kuti onse amawadziwa. Paliponse pamene anaima, cholakwa chinali cha pepala, osati chake.

Chomaliza tinalijambula pa foni n'kutumiza kwa aphunzitsi kuti alione. Anasintha mawu awiri navomereza. Pamwamba tinalemba mtundu wa tizipangizo, tsiku, ndi mawu akuti bokosi likasintha, pepalali litsitsidwe. Pepala lakale pakhoma ndi loopsa kuposa khoma lopanda kanthu, chifukwa anthu amalikhulupirira.

Koma ndisakunamizeni, pali zimene pepala silingachite. Silingaphunzitse dzanja kubaya chala cha mwana amene akulira ndi kuponda, kapena kutenga magazi okwanira ndendende. Asisi anakana kuti munthu ayambe kuyeza odwala chifukwa choti wawerenga. Aliyense anayamba wayeza iwo akuona, pepala n'kukhala chokumbutsa.

Manje inu a m'mashopu, m'masukulu ndi m'maofesi a muno mu Lusaka, mawu a maola atatu akadzafika pa gulu lanu, dziwani kuti palibe amene wawamvetsera, ngakhale onse aika chala chovomereza. Wina ayenera kukhala pansi. Ine zinanditengera masiku awiri, ndipo malipiro anga anali nkhuku ndi thumba la nsawa, limene kondakita wa ku Chipata anandilipiritsa ngati munthu wokhala pampando.