Wotchi imene imauza woyimba kiyi ya nyimbo

Oyimba kwaya ambiri tinakulira pa do, re, mi. Koma nyimbo ikabwera yolembedwa pa mizere isanu, ili ndi tizizindikiro ta ♯ kapena ♭ poyambirira, woyimba kiyibodi amayamba kufufuza mabatani mongolota, kwaya ili chiimire. Ana a kwaya ya pasukulu pathu ndimawajambulira wotchi pabolodi, imene mabuku a nyimbo amaitcha bwalo la zisanu.

Jambulani wotchi ya pakhoma. Pamalo pa 12 lembani C, kiyi yopanda shapu kapena fulati. Kenako tsatirani mmene mivi ya wotchi imayendera, ndipo pa ola lililonse muziwerenga manoti asanu kukwera m'mwamba: C, D, E, F, G. Ndiye kuti G akhala pa 1 koloko, D pa 2, A pa 3, E pa 4, B pa 5. Nambala ya ola ndiyo nambala ya mashapu a kiyiyo. Kwa ife ozolowera solofa nkhaniyi ndi yapafupi, pakuti so wa kiyi imene mulimo ndiye do wa kiyi yotsatira. Mukabwerera pa 12 n'kuyenda chakumanzere mupeza F wa fulati imodzi, B♭ wa awiri, E♭ wa atatu, A♭ wa anayi, D♭ wa asanu.

Pali msampha pa B. Mukawerenga zilembo zokha mufika pa F, chonsecho pa 6 koloko pamayenera kukhala F♯. Sitepe iliyonse ya wotchiyi ndi mabatani 7 a kiyibodi, oyera ndi akuda omwe, osawerengera loyambirapo, pamene kuchoka pa B kufika pa F alipo 6 okha. Khutu limakuuzani lokha, chifukwa B ndi F mukaziliza pamodzi sizimveka ngati do ndi so.

Tiyerekeze kuti mwalandira nyimbo ya mashapu atatu. Pa 3 koloko pali A, basi kiyi mwaipeza. Mashapu amabwera motsatana mosasintha, F, C, G, D, A, E, B, choncho atatuwo ndi F♯, C♯ ndi G♯. Mukafuna kutsimikiza, dziwani kuti shapu yomaliza nthawi zonse imakhala ti. G♯ ndi ti, ndipo batani lotsatira, A, ndiye do. Ku mafulati, womaliza amakhala fa.

Chimene ndimaikondera kwambiri wotchiyi ndi choti imaonetsa abale a kiyi. A wakhala pakati pa D ndi E, ndipo aliyense wa awiriwa amasiyana naye noti imodzi yokha: D alibe G♯, E wawonjezera D♯. N'chifukwa chake nyimbo ya mu A ikafuna kukayenda imapita kwa anansi amenewa, ndipo makutu sadabwa. Mukaona D♯ akubwerabwera pakati pa nyimbo, dziwani kuti mwalowa mu E. Mu solofa ndi paja fa amasanduka fe. Woyimba kiyibodi amapezanso pomwepa makodi atatu onyamula nyimbo zambiri za kutchalitchi: A, D ndi E.

M'bale wina amagona m'nyumba yomweyo. Kiyi iliyonse ya meja ili ndi inzake ya mayina (mawuwa asakusokonezeni ndi maina a anthu), imene imagwiritsa ntchito mashapu omwewo koma kwawo ndi pa la, osati pa do. Kuti muipeze, yendani maola atatu kutsogolo. Kuchoka pa A mudutsa E ndi B, n'kufika pa F♯. Apa ndi pamene zizindikiro za poyambirira paja zimalekera kutithandiza, chifukwa mashapu atatu angakhale A meja kapena F♯ mayina. Yang'anani noti yomaliza ya besi. Ikathera pa F♯, komanso E♯ akumaonekera m'katimo, amene mu solofa ndi se, nyimboyo ndi ya mayina.

Chenjezo langa lipite kwa otsogolera kwaya. Kuyandikana pa wotchi sikutanthauza kuyandikana kwa mawu pakhosi. Masopulano akadandaula kuti A yakwera, musawasamutsire ku E poti ndi mnansi. Mukatero mwawakweza ndi mabatani 7, kapena mwawatsitsa ndi 5 mpaka abesi asowa pansi popondapo. Kiyi yotsika pang'ono ndi G, mabatani awiri okha pansi pa A, ngakhale pa wotchi ili maola awiri kumbuyo. Mukasamukirako, tengani anansi ake a G: pamene munkaliza D muziliza C, ndipo pamene munkaliza E muziliza D.