“Mndandanda nawu:” koma pansi pake palibe kanthu

Ukwati watsala sabata imodzi. Azakhali ali ku Dedza, mwana wa mchimwene wawo ali mumsika wa Limbe, ndalama zili m'thumba. Foni ikulira: “Zoti ugule ndi izi:” Uthenga wathera pomwepo.

Wotumiza uthenga wotere nthawi zambiri sadziwa kuti palakwika. Iwo mumtima mwawo ntchito yatha, akungodikira katundu. Choncho yankho labwino ndi lowauza zimene zikuoneka pa foni ya wolandira.

Koma asanayankhe, wolandira ayambe wafufuza mbali yake. Pa WhatsApp, uthenga wautali umapindidwa, ndipo mbali yotsalayo imaoneka munthu akadina Read more. Ngati mndandandawo unali chithunzi cha pepala lolembedwa pamanja, ukhoza kuchedwa, chifukwa mawu amadutsa ngakhale netiweki ikhale yofooka, pomwe chithunzi chimafuna bandulo yokwanira. Ngati ndi uthenga wamba wa pa foni, wopitirira zilembo 160 umatumizidwa m'zidutswa, ndipo chidutswa china chikhoza kufika mochedwa. Palinso ena amene amadina batani lotumizira pofuna kungoyamba mzere watsopano. Otere amakhala akulembabe, ndiye kudikira mphindi zochepa kumathandiza.

Pakapanda kufika kanthu, mnyamata wa ku Limbe uja angalembe kuti: “Azakhali, uthenga wanu ndaulandira, koma wathera pa mawu akuti ‘ndi izi’. Mndandanda sunafike, chithunzinso palibe. Chonde tumizaninso, kapena ndikuimbireni mundiwerengere. Ndili mumsika mpaka 3 koloko.”

Yankholi latchula mawu omaliza amene afika, kuti azakhali aone pamene uthenga wadukira. Lanena chimene chikusowa popanda kuloza munthu chala, popeza vuto likhoza kukhala la netiweki. Laperekanso njira ina ndi nthawi. Akadzatumizanso, ndi bwino kubwezera kuti, “Ndaona zinthu zisanu ndi ziwiri, chomaliza ndi mafuta ophikira,” kuti ngati mndandanda wadukanso zidziwike msanga.

Mayankho ena amaononga zinthu. “Chabwino” amamveka ngati zonse zafika, ndipo azakhali sangayang'anenso foni. Chizindikiro cha funso chokhachokha sichinena chimene chasowa, komanso kwa munthu wamkulu ndi mwano. Choopsa kwambiri ndi kungoganizira: mnyamata akagula mpunga ndi nkhuku poti paukwati sizisowa, mwina akapeza kuti zimenezo anagula kale, chimene chimafunika ndi nsalu za anamkungwi.

Ku ofesi ndi chimodzimodzi. Imelo yonena kuti mayina ali m'munsimu, koma mulibe, iyankhidwe pa imelo yomweyo kuti wotumiza adzionere yekha. Ngati inapita kwa anthu ambiri, mmodzi auze wotumizayo payekha.

Kwa wotumiza, kukonza n'kosavuta. Kuyambira mu 2023, WhatsApp imalola kusintha uthenga pasanathe mphindi 15 chiutumizireni. Nthawiyo ikadutsa, mndandanda utumizidwe ngati uthenga watsopano.