Kufupikitsa Cidziwitso Tisanacimasulire

Mai amene afuna kutumiza cimanga kwa abale ace akutali sanyamula mapesi ndi zitsononkho zomwe. Amayamba watonola cimangaco, nacipeta m'licero, ndipo cimene cilowa m'thumba ndi maso okhaokha. Nchito imene tiphunzire lero ifanana ndi imeneyi.

Kawirikawiri zidziwitso za Boma, za mabanki ndi za maofesi ena zimalembedwa m'Cingerezi, ndipo zimakhala zazitali. Mwana wa sukulu amene akhala m'tauni angapemphedwe ndi makolo ace kuti adziwitse abale a kumudzi zimene cidziwitso cotere cinena. Ana ambiri amangotola colembera nayamba kumasulira mzere woyamba, waciwiri, mpaka atatopa. Njira yabwino ndiyo kugawa nchitoyi pawiri. Poyamba tifupikitse cidziwitsoco m'Cingerezi momwemo, ndipo pambuyo pace timasulire cidule cokhaco m'Cinyanja.

Pali zifukwa ziwiri zocitira tero. Coyamba ndi cakuti kumudzi kalata imawerengedwa mokweza, anthu atakhala pakhonde, mwina kamodzi kokha. Makutu sangasunge masamba anai a mau, ndipo tsiku lofunika limatayika pakati pa mau osafunika. Caciwiri ndi cakuti kusankha mfundo ndi nchito ina, kumasulira ndi nchito inanso. Cidule cikali m'Cingerezi, tingathe kuciika pambali pa cidziwitso ndi kuloza ndi cala pamene mfundo iliyonse yacokera. Tikasakaniza nchito ziwirizi, colakwa cikalowa sitidziwa ngati cinalowa posankha kapena pomasulira.

Tiyeni tione citsanzo ca zimene zinacitikadi m'dziko lathu. Pa 1 Januwale 2013 Banki ya Zambia inatulutsa ndalama zatsopano, ndipo K1,000 yakale inasanduka K1 yatsopano. Zidziwitso za nkhaniyi zinali ndi mau ambiri, cifukwa zinalankhula kwa mabanki, kwa eni masitolo ndi kwa anthu wamba panthawi imodzi. Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa ku Lusaka anauzidwa kuti alembere ambuya ace a kumudzi, kufupi ndi Katete. Ambuyawo analibe buku la kubanki. Ndalama zao za nshawa ankasunga m'citini.

Coyamba mtsikanayo anawerenga cidziwitso conse kawiri, osalemba kanthu. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri mfundo yoopsa koposa, monga tsiku lomaliza, imabisala kumapeto kwa tsamba, ndipo wofupikitsa akali kuwerenga amadzaza pepala lace ndi mau oyambirira okha.

Caciwiri anadzifunsa kuti, "Kodi ndilembera yani?" Funso limeneli ndilo licero lathu. Ndime zonena za lamulo limene linaloleza kusinthaku anazisiya. Anasiyanso malangizo a kwa mabanki onena za makina ao ndi maceke. Panalinso lamulo lakuti m'masitolo mitengo ilembedwe pawiri, m'ndalama zakale ndi m'zatsopano, yatsopanoyo ndi cizindikiro ca KR. Akadakhala kuti alembera amalume ace a golosale, mfundo imeneyi ikadakhala pamwamba. Koma kwa ambuya inayenera mzere umodzi wokha. Tsono muone kuti cidziwitso cimodzi cingabale zidule ziwiri zosiyana, malinga ndi amene adzamva.

Cacitatu analemba mzere wa pensulo kunsi kwa mau oyankha mafunso asanu awa: Casintha n'ciani? Ambuya acite ciani? Acite liti? Apite kuti? Adzalipira kanthu kodi? Mayankho ace anawalemba m'Cingerezi capafupi, ciganizo cimodzi pa mfundo imodzi. Masiku ndi manambala anawakopera monga momwe analili, pakuti mau tingawacepetse, koma tsiku ndi nambala sizifupikitsidwa.

Apa ndi pamene colakwa coyamba cinaonekera. Iye anali atalemba kuti ndalama zakale zidzatha pa 30 Juni. Poyerekeza ndi cidziwitso anapeza kuti tsiku la 30 Juni linachulidwa pa zaka ziwiri. Pa 30 Juni 2013 ndi pamene ndalama zakale zinaleka kugula zinthu. Pa 30 Juni 2014 ndi pamene mabanki a malonda analeka kuzisintha, ndipo kuyambira pamenepo mpaka pa 31 Disembala 2015 zinasinthidwa ku Banki ya Zambia kokha. Kuleka kugula ndi kuleka kusinthidwa ndi zinthu ziwiri. Ambuya akadamva tsiku loyamba lokha, mwezi wa Julaye utafika akadayesa kuti ndalama za m'citini zasanduka mapepala acabe. Akadamva laciwiri lokha, akadapita nazo kumsika namakanidwa. Comweco mtsikanayo anang'amba mfundo imodziyo kukhala zitatu, ndipo pa tsiku lililonse analembapo caka cace.

Colakwa caciwiri cinali m'masamu. Anthu ambiri ankanena mwacidule kuti, "Cotsani maziro atatu." Pa K50,000 mau awa agwira bwino, pakuti itsala K50. Nanga pa K500, imene ili ndi maziro awiri okha? Lamulo lenileni linali kugawa ndi 1,000, ndipo popeza K1 ili ndi ngwee 100, K500 yakale inasanduka ngwee 50, K100 inasanduka ngwee 10, ndipo K50 inasanduka ngwee 5. Cidule cimene cigwira pa ndalama zazikulu zokha ndi cidule copunduka. Njira yocizindikirira ndiyo kuciyesa pa citsanzo cacikulu ndi pa cacing'ono comwe.

Cidule citakhala bwino, anayamba kumasulira. Sanatsate liu ndi liu, koma pa ciganizo ciliconse anadzifunsa kuti, "Ndikadakhala pamphasa ndi ambuya, ndikadanena bwanji?" M'Cingerezi munali mau a malamulo onena za ndalama imene wogulitsa saloledwa kuikana. M'Cinyanja tilibe liu limodzi lotero, ndipo iye sanapeke lina, koma analemba tanthauzo lace: ndalama yogulira zinthu. Anasamala kusiyanitsa "muyenera" ndi "mungathe", pakuti loyamba ndi lamulo ndipo laciwiri ndi cilolezo cabe. Anapewanso kulemba kuti ndalama zacepetsedwa, cifukwa ambuya akadamva kuti cuma cao cadyedwa. Cimene cinacepa ndi manambala, osati mphamvu ya ndalama. Nayi kalata imene inatuluka.

"Okondedwa Ambuya,

"Ndikupatsani moni. Kuno tonse tili bwino, kaya inu kumeneko? Amai andituma kuti ndikudziwitseni za ndalama zatsopano. Zimene ndalemba pano ndi cidule cabe ca cidziwitso ca Banki ya Zambia. Cidziwitso cenicenico ndaciika m'envulopu momwemu.

"1. Kuyambira pa 1 Januwale 2013, K1,000 yakale ndi K1 yatsopano. K50,000 ndi K50, K5,000 ndi K5, ndipo K500 ndi ngwee 50.

"2. Ndalama zanu sizinacepe mphamvu. Cimene mukadagula ndi K10,000 yakale mudzacigula ndi K10 yatsopano.

"3. Mpaka pa 30 Juni 2013 mungathe kugula ndi zakale kapena ndi zatsopano. M'sitolo mtengo wolembedwa KR ndi wa ndalama zatsopano.

"4. Likapita tsiku limenelo zakale sizidzagulanso kanthu, koma musazitaye. Mungathe kukazisintha ku banki mpaka pa 30 Juni 2014.

"5. Pambuyo pace zidzasinthidwa ku Banki ya Zambia kokha, mpaka pa 31 Disembala 2015.

"6. Kusintha ndi kwaulere. Musapatse munthu kanthu.

"Awa tsopano ndi maganizo anga, si a cidziwitso ai: musadikire masiku omaliza. Mupemphe amalume akuperekezeni ku banki mvula ikakata.

"Ndine mdzukulu wanu."

Taonani zinthu ziwiri m'kalatamu. Mtsikanayu wanena poyera kuti ici ndi cidule, ndipo watumiza cidziwitso ceniceni pamodzi naco. Cidule cili ndi malire ace: ku ofesi kapena ku banki sicingakhale umboni, ndipo pakabuka mkangano aphunzitsi kapena mlembi wa amfumu adzafuna kuona mau enieniwo. Caciwiri, iye walekanitsa uphungu wace ndi mau a Banki. Womasulira amene asakaniza maganizo ace, kapena mphekesera za m'basi, ndi mau a cidziwitso, amaika m'kamwa mwa Boma zimene Boma silinanene.

Asanamate envulopu anacita yeso lomaliza. Anaitana mlongo wace wamng'ono, amene sanaone cidziwitsoco, namuwerengera kalatayo kamodzi kokha. Atatero anamfunsa kuti, "Ambuya ali ndi mapepala anai a K50,000, atatu a K5,000 ndi awiri a K500. Adzalandira zingati?" Mnyamatayo anaonkhetsa napeza K216,000, ndipo anayankha kuti K216. Anamfunsanso kuti, "Nanga akafika nazo kumsika mu Ogasiti 2013, adzagula kodi?" Iye anati, "Iai, koma angathe kupita nazo ku banki." Womvera akayankha bwino mafunso otere, cidule cathu cakhwima. Akalephera, tisamuimbe mlandu. Tibwerere ku mzere umene wamusoceretsa ndi kuukonza.

MAFUNSO

1. Chulani zifukwa ziwiri zofupikitsira cidziwitso tisanacimasulire.
2. Kodi ndi mafunso asanu ati amene mtsikanayu anagwiritsa nchito posankha mfundo?
3. Fotokozani kusiyana kwa tsiku la 30 Juni 2013 ndi la 30 Juni 2014.
4. Mbuzi inali pa mtengo wa K180,000 ndipo mulu wa tomato pa K2,500 m'ndalama zakale. Lembani mitengoyi m'ndalama za 2013.
5. Cifukwa ninji mau akuti "cotsani maziro atatu" sali okwanira?

NCHITO YOTI MUCITE

Pemphani aphunzitsi anu cidziwitso cimodzi ca m'Cingerezi, monga ca masiku otsegulira sukulu kapena ca katemera wa ziweto. Cifupikitseni m'ziganizo zosapitirira zisanu ndi cimodzi, ndipo mumasulire ciduleco ngati kalata ya kwa ambuya anu. Muwerengere mnzanu kalatayo kamodzi, ndi kumfunsa mafunso atatu.